Khadi laukwati lilembedwe poganizira mlendo wochokera kutali

Wachibale wokhala mumzinda momwemo safunikira khadi kwenikweni, zonse amazimva kumisonkhano ya komiti. Amene amadalira khadi ndi azakhali a ku Mzuzu ndi mnzanu wa ku Blantyre, omwe ayenera kupempha tchuthi kuntchito, kusunga ya basi ndi kupeza kogona.

Tiyerekeze kuti ukwati uli ku Lilongwe, ndipo khadi lalembedwa chonchi: Loweruka, pa 15 Ogasiti 2026. Kudalitsa ukwati kutchalitchi, alendo afike 8:30 m'mawa, mwambo uyamba 9 koloko. Madyerero kuholo, alendo afike 1 koloko masana, kuyamba 1:30.

Tsiku ndi deti zilembedwe zonse ziwiri, chifukwa zimachitirana umboni. Wosindikiza akaphonya n'kulemba 16 m'malo mwa 15, woyang'ana pakalendala aona kuti pa 16 ndi Lamulungu, ndipo aimba foni asanagule tikiti. Pakanakhala deti lokha, bwenzi atafika anthu akubweza mipando ya hayala. Mwezinso ulembedwe m'mawu, osati m'manambala.

Nkhani yaikulu ili pa nthawi. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe kudzera ku Zalewa, Ntcheu ndi Dedza ndi makilomita opitirira 300, ulendo wa maola anayi kapena asanu pabasi. Wonyamuka 7 koloko m'mawa wa Loweruka afika dzuwa lili pamutu. Kutchalitchi wachedwako kale, koma kuholo afika bwinobwino, mwinanso atasamba ndi kusita. Akafuna kuona mphete zikuvekedwa, anyamuke Lachisanu n'kukagona kwa abale. Wa ku Mzuzu, yemwe msewu wake ndi wotalikirapo, chimodzimodzi. Munthu sangasankhe pakati pa ziwirizi ngati khadi langotchula nthawi imodzi osanena kuti ndi ya mwambo uti. Ndipo wokwera basi yodikira kudzaza, awonjezerepo ola lina lokhala padepoti.

Mphindi 30 za pakati pa kufika ndi kuyamba zili ndi ntchito yake. Mlendo akatsika basi amayamba wafunsa njira kwa akabaza, kusaka posiya chikwama, kenako mpando. Komanso pali matchalitchi ena amene amadalitsa maukwati angapo m'mawa umodzi, ndipo abusa sadikira munthu.

Makomiti ena amalemba dala 12 koloko pomwe holo adzatsegula 2 koloko, ati pofuna kuthana ndi ochedwa. Ine sindigwirizana nazo. Ochedwa amachedwabe, wolangika ndi gogo uja wochokera ku Kasungu amene wakhulupirira khadi, n'kukhala panja pa holo yokiya maola awiri, njala ili m'mimba, ndalama zake za perekaniperekani zili pamfundo ya chitenje.

Pansi pa khadi pakhale nambala ya foni ya munthu wakomiti woona za alendo, osati ya mkwati kapena mkwatibwi, chifukwa m'mawa umenewo awiriwa foni sagwira.