Malonda akangoima, nthawi iwatseke

Amene amachita malonda a ndalama zakunja pa intaneti amadziwa makomo awiri otulukira: Stop Loss zinthu zikavuta, ndi Take Profit phindu likakwana. Nanga mtengo ukapanda kufika pa khomo lililonse?

Tiyerekeze kuti mwagula EUR/USD pa 1.0800 Lolemba, poona kuti mtengo watsika mopitirira ndipo ubwerera msanga. Stop Loss ili pa 1.0750, Take Profit pa 1.0900. Lachisanu likukwana mtengo ukungozungulira pa 1.0810. Simunaluze, inde, koma chimene munalowera sichinachitike. Ndalama yanu ya chikole yamangika, ndipo ngati Swap ili yokudulani, buloka akutapa pang'ono usiku uliwonse. Ambiri amatapa katatu Lachitatu pofuna kuwerengera Loweruka ndi Lamlungu. Apa m'pamene pamafunika khomo lachitatu, lamulo lolemberatu musanalowe: masiku asanu amsika akatha, nditseka pa mtengo uliwonse umene ulipo. Dziwani kuti Expiration ya mu MetaTrader imangofafaniza oda imene sinayambe kugwira ntchito. Malonda otsegula kale mutseka nokha, kapena kapulogalamu kanu.

Koma asanuwo achokera kuti? Osangowatola m'mutu. Tengani malonda akale olowa ndi chizindikiro chimodzimodzi, mwina 200. Polowera musasinthe, sinthani potulukira pokha: onse atsekedwe patatha tsiku limodzi, kenako masiku 3, 5, 10 ndi 20. Ulendo uliwonse chotsani zolipira kwa buloka, muwerengere phindu limene malonda amodzi akubweretsa mukagawa mofanana. Tinene kuti mwapeza mapipi 3, 9, 12, 7 ndi 2. Manambalawa akukuuzani kuti mphamvu ya chizindikirocho imatha sabata isanapite patali, ndipo kukhalitsa n'kubweza zomwe munapeza.

Pamene ambiri amadzinamiza ndi apa. Tsiku lachisanu likamaoneka bwino, yesaninso lachinayi ndi lachisanu ndi chimodzi. Onse akafanana, lamulolo lili ndi maziko. Koma tsiku limodzi likawala lokha, oyandikana nalo ali ofooka, umenewo ndi mwayi chabe, mwina malonda awiri akuluakulu ndiwo akweza nambala. Sankhani tsikulo pa zaka zoyambirira, mukaliyese pa zaka zomwe simunazikhudze.

Lamuloli silikomera njira iliyonse. Wotsatira mtengo umene ukukwera kwa miyezi amadyera malonda ochepa okhalitsa, ndipo kuwatseka pa tsiku lachisanu n'kuzula chinangwa chisanaike. Iyeyu angachite bwino kutseka okhawo amene nthawi yakwana asanasunthe, mwachitsanzo osafika ngakhale theka la mapipi 50 amene anali wokonzeka kuluza, enawo n'kuwasiya ayende.

Choncho musanaike lamuloli pa ndalama zenizeni, onani m'kaundula wanu kuti malonda amene anakupindulirani anatenga masiku angati asanayambe kuyenda.