Loya akati mwaba dzina la malonda, mumamuyankha bwanji?

Tiyerekeze mayi wina wa ku Mchinji amene amapanga chiponde n'kumachiika m'mabotolo a magalamu 500. Pa lebulo yake yachikasu pali chithunzi cha mwana atagwira supuni, ndipo dzina ndi Thanzi la Mwana. Tsiku lina wafikiridwa ndi kalata yochokera kwa loya wa kampani yopanga mafuta ophikira otchedwa Thanzi Gold. Mainawa ndi ongopeka, koma makalata otere amalembedwa mofanana ndithu: dzina lanu likufanana ndi chizindikiro chathu cholembetsedwa m'kaundula, lisiyeni pasanathe masiku 14, chotsani katundu yense m'masitolo, apo ayi tikakumana kukhoti.

Ambiri akalandira kalata yotere amapupuluma. Ena amaimba foni n'kupepesa, ena amalemba mawu aukali oti kampani yaikulu ikufuna kupondereza wosauka. Onsewa aiwala kuti woweruza akhoza kudzawerenga yankho lawolo. Kalata yabwino yokana mlandu, ngakhale pamwamba pali dzina la loya wa mbali inayo, imalembedwa ndi maso ali pa woweruza, ndipo funso lake ndi limodzi: kodi munthu wamba wogula katunduyu angaganize kuti chiponde ichi n'cha eni mafuta aja?

Asanalembe chilichonse, mayiyu kapena loya wake ayenera kuona kaye chimene chinalembetsedwa m'kaundula. Kuno ku Malawi nkhanizi zimayendera lamulo la zizindikiro za malonda la 2018, limene linalowa m'malo mwa lakale la 1957. Kalata yoyankha ipemphe nambala ya chizindikirocho, tsiku limene chinalembetsedwa ndi mndandanda wa katundu amene chikuteteza. Nthawi zina umapeza kuti kampaniyo inalembetsa mawu pamodzi ndi chithunzi ndi mitundu yake, osati mawu oti "thanzi" paokha. Apo ndiye kuti mpanda wawo ndi wocheperapo kusiyana ndi mmene kalata yawo ikuopsezera.

Phata la yankho ndi kuyerekeza zizindikiro ziwirizo, chilichonse chathunthu, m'njira zitatu: maonekedwe, kamvekedwe ndi tanthauzo. Njirayi inamveka bwino pa mlandu wa Sabel ndi Puma, umene khoti la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya linagamula mu 1997. Zizindikiro zonse ziwiri zinali ndi nyama ya mtundu wa kambuku ikudumpha. Khotilo linati kungoti chizindikiro china chikukumbutsa chinzake sikokwanira. Pafunika kuti ogula athe kusokonezeka za mwini katunduyo. Linatinso wogula amaona chizindikiro chonse pamodzi, sachigawagawa ngati mmene amachitira loya ali pa desiki.

Ndiye kalata ya mayi wa ku Mchinji inganene kuti: lanu ndi dzina la mawu awiri, lathu la mawu atatu, lanu lili ndi zilembo zagolide pa botolo lalitali, lathu ndi lebulo yachikasu yokhala ndi mwana, lanu limathera pa mawu achingerezi osonyeza chinthu chapamwamba, lathu likukamba za kudyetsa ana. Chotsala chofanana ndi mawu amodzi, ndipo apa m'pamene kalatayo iyenera kukhalitsa. "Thanzi" ndi mawu a tsiku ndi tsiku, amene aliyense wogulitsa chakudya angafune kuwatchula. Mawu ongofotokoza ubwino wa katundu amakhala ndi mphamvu yochepa pa lamulo, chifukwa wogula akawamva saganiza za kampani imodzi. Mfundoyi imalimba ikakhala ndi umboni, monga zithunzi za katundu wina amene ali kale pamsika ndi mawu omwewo, ndi maina ena a m'kaundula okhala ndi mawuwo.

Pali msampha umene ndimauona kawirikawiri m'makalata otere, wodalira kwambiri zithunzi ziwiri zoikidwa moyandikana n'kuti, taonani mmene zasiyanirana. Makhoti amadziwa kuti wogula sayenda ndi botolo lakale m'thumba kuti akayerekeze. Amangokumbukira pang'ono, mwina mtundu, mwina mawu oyamba. Kwathu kuno zimaposa apo, chifukwa pa okala katundu amakhala kuseri kwa kauntala ndipo munthu amaitanitsa pakamwa, mwinanso watuma mwana. Ndiponso timakonda kudula maina. Ngati anthu azolowera kungoti "ndipatseni Thanzi", mbali inayo yapeza pogwira. Mayiyu ayenera kudziwa zimenezi asanalembe: apite m'magolosale angapo, aitanitse ndi mawu amodzi okhawo, aone ngati wogulitsa atenga mafuta, chiponde, kapena afunsa kuti "Thanzi wake uti?"

Mlandu wina wakale umene maloya a m'mayiko otsatira malamulo a ku Britain amautchulabe ndi wa 1906, pakati pa maina a Pianola ndi Neola, a zida zoimbira. Woweruza Parker anati uyang'ane mawuwo m'maonekedwe ndi m'kamvekedwe, uganizire katundu wake komanso mtundu wa anthu omugula. Iye analola Neola, ndipo chifukwa chimodzi chinali chakuti wogula chida chokwera mtengo chotero amayamba waganiza bwino. Chiponde sichili choncho, chimagulidwa mothamanga. Wolemba wochenjera sangatsamire pa mfundo imeneyo, angapite pa kusiyana kwa katundu.

Apanso pali poterera. Katundu amaikidwa m'magulu 45 pa ndondomeko ya Nice, ndipo mafuta ophikira ndi chiponde zonse zili m'gulu 29. Kukhala m'gulu limodzi sikutanthauza kuti katunduyo ndi wofanana, monganso kukhala m'magulu osiyana sikupulumutsa munthu. Kalata ifotokoze zenizeni: mafuta ndi okazingira ndiwo, chiponde n'chopaka pa buledi kapena kuthira m'phala, ndipo wofuna china sangagule chinzake m'malo mwake. Koma isaname kuti zinthuzi sizikumana, poti zonse zimagulitsidwa m'sitolo imodzi kwa anthu amodzimodzi.

Zina ndi zoti zisalowe m'kalatamo. Kunena kuti "sindinkadziwa za dzina lanu" sikuchotsa mlandu, chifukwa lamulo limayang'ana kusokonezeka kwa ogula, kaya munthu anachita dala kaya ayi. Kupepesa kumamveka ngati kuvomera. Kutchula ndalama zimene bizinesi imapeza n'kuwapatsa poyambira powerengera chipepeso. Choopsa kwambiri ndi chiganizo chooneka chosalakwa ngati chakuti, "anthu ena amatifunsa ngati ndife a kampani yanu, koma timawauza kuti ayi." Umenewo ndi umboni wa kusokonezeka woperekedwa ndi dzanja lako lomwe. M'malo mwake kalata inene chaka chimene chipondecho chinayamba kugulitsidwa, pokhapokha ngati malisiti alipo, ndipo ifunse mbali inayo kuti ionetse wogula ngakhale mmodzi amene anasokonezeka.

Ngati mayiyu ali wokonzeka kukambirana, mwachitsanzo kulonjeza kuti sadzagulitsa mafuta ophikira pa dzinali, zimenezo zipite m'kalata yachiwiri yolembedwa "Without Prejudice" pamwamba, kuti zokambirana zothetsera mkangano zisadzatengedwe ngati kuvomera mlandu. Yoyamba ija ikane momveka, inene kuti malonda apitirira, ndipo ifike masiku 14 aja asanathe. Akaona kuti nthawi yachepa, alembe mizere iwiri yovomereza kuti kalata yafika ndi kupempha masiku ena, osakhudzako za mlanduwo.