Kubwerera m'maloto uli maso

Munthu akalota chinthu chodetsa nkhawa, funso lake loyamba limakhala lakuti malotowo akutanthauza chiyani, ndipo amakalifunsa kwa wina. Carl Gustav Jung, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Switzerland, anapeza njira ina, yokafunsa amene wamulotayo mwini wake.

Njirayi inabadwa pa nthawi yovuta. Mu 1913 Jung anasemphana maganizo ndi Sigmund Freud, ubale wawo n'kutha, ndipo anayamba kuvutika ndi maloto komanso masomphenya oopsa. M'malo mozithawa, mu Disembala chaka chomwecho anakhala pa tebulo lake n'kulola zithunzizo kubwera ali maso. Anakumana ndi nkhalamba yodzitcha Eliya, mtsikana wosaona dzina lake Salome ndi njoka yakuda. Pambuyo pake kunabwera Filimoni, nkhalamba yamapiko, imene ankacheza nayo akuyendayenda m'bwalo la nyumba yake. Zonsezi ankazilemba, ndipo zinalowa m'Buku Lofiira, limene linasindikizidwa mu 2009, iye atamwalira kale mu 1961.

Wina anganene kuti apa ndiye kuyankhula ndi mizimu. Monga dokotala, Jung ankazifotokoza mwina. Kwa iye anthu a m'maloto ndi mbali za mtima wa wolotayo zimene mwini wake sazidziwa bwino, mwina mkwiyo wobisika, mwina mantha kapena nzeru zimene wakhala akuzikankhira kumbali. Chimene chinamudabwitsa n'chakuti Filimoni ankanena zinthu zimene iye anali asanaziganizepo.

Kachitidwe kake sikafuna zambiri. Munthu amakhala payekha pamalo opanda phokoso, ali ndi kope ndi cholembera. Amasankha chithunzi chimodzi cha m'maloto, tinene mwamuna wachilendo amene anaima pakhomo osalowa, n'kumachiyang'ana m'maganizo: wavala chiyani, manja ake ali pati, nkhope ikuoneka bwanji. Apa chofunika n'kudikira mpaka chithunzicho chiyende chokha. Kenako amafunsa ngati mmene angafunsire mlendo weniweni: “Ndinu ndani? Mukufuna chiyani kwa ine?” Yankho loyamba kubwera amalilemba momwe labwerera, ngakhale likhale lamwano kapena looneka lopusa, iyenso n'kuyankha. Ena mawu amawavuta, ndiye amajambula, kuumba ndi dongo kapenanso kuvina.

Ambiri amagwa mphwayi poganiza kuti akungodzinamiza okha. Pali poonera. Mlendo uja akamangovomereza zonse, akamangokutamandani n'kumanena zimene munkafuna kumva, ndiye kuti mukudzilembera nokha sewero. Yankho lenileni limadzidzimutsa, ndipo nthawi zina limachititsa manyazi.

Vuto lalikulu kuposa limeneli ndi kungoonerera. Jung analemba mu 1928 za wodwala wake wina amene ankavutika ndi chisoni chosatha. M'malingaliro ake, mwamunayo anaona mkazi amene ankafuna kumanga naye banja akuthamangira kumtsinje. Inali nyengo ya chisanu, madzi ataundana pamwamba moti munthu n'kuyendapo. Mkaziyo anathamanga pamwamba pake, iye akumutsatira, mpaka pamene panang'ambika mng'alu wakuda. Mkaziyo analumphiramo, mwamunayo n'kungoima akuyang'ana mwachisoni.

Jung anati cholakwika chinali kuimako. Zikanachitika masana pamtsinje weniweni, mwamunayo akanathamanga n'kumugwira mkono. Posamugwira, anaonetsa kuti zimene ankaonazo ankaziyesa kanema chabe, choncho sizikanasintha kalikonse mwa iye. Mphamvu zake zinkamira chimodzimodzi tsiku ndi tsiku iye ali chiimire. Njirayi imafuna kuti munthu alowemo ndi khalidwe lake lenileni, ndi mantha ake ndi chikumbumtima chake. Ndiye kutinso sayenera kumvera chilichonse chimene wauzidwa. Munthu wa m'maloto akati siya ntchito mawa, wolotayo ali ndi ufulu wokana, wofunsa chifukwa, ngakhale womukumbutsa kuti ana akufunika fizi. Robert Johnson, amene anafotokoza njirayi kwa anthu wamba mu 1986, anawonjezera kuti zimene mwagwirizana zithere pa kanthu kooneka, monga kulemba kalata imene yakhala ikuzengerezedwa.

Marie-Louise von Franz, amene anagwira ntchito ndi Jung kwa zaka zambiri, ankachenjeza kuti njirayi isachitidwe ndi chithunzi cha munthu wamoyo amene mumamudziwa, chifukwa n'kosavuta kuyamba kumusungira chakukhosi pa mawu amene sananene.

Komanso si njira ya aliyense. Jung mwini wake anachenjeza kuti mwa anthu ena ikhoza kuvundukula matenda a misala amene anali chibisalire. Amene anamvapo mawu osaoneka mwini, kapena amene amavutika kusiyanitsa zenizeni ndi zongoganiza, asaiyese payekha. Kwa ena onse, chizindikiro ndi ichi: ukatseka kope, zokambiranazo ziyenera kutha, iwe n'kupita kukaphika kapena kukagwira ntchito. Mawuwo akapitiriza osaitanidwa, tulo n'kuyamba kusowa, kopelo likhale chitsekere ndipo munthuyo akaonane ndi dokotala.