Kusankha ndi kuteteza nthanthi ya kafukufuku: chitsanzo cha banki m'khonde

M'maphunziro a za chikhalidwe cha anthu, nthanthi ndi kafotokozedwe kolongosoka kosonyeza chifukwa chimene zinthu zimachitikira momwe zimachitikiramo pakati pa anthu. Pa kafukufuku wocheza ndi anthu mozama, yemwe sadalira kuwerengera manambala, nthanthi imauza wofufuza choti ayang'ane, choti afunse ndi choti asiye. Munthu wocheza ndi anthu 20 kwa ola limodzi aliyense amabwerako ndi masamba mazanamazana, ndipo popanda chomutsogolera amangobwereza zomwe wamva osazitanthauzira. Ophunzira ambiri amalakwitsa poyambira pomwe: amasankha nthanthi chifukwa ili ndi dzina lotchuka, nkuilemba m'mutu wachiwiri wa ntchito yawo, osadzaitchulanso mpaka kumapeto.

Choyamba ndi funso, nthanthi imabwera pambuyo. Chitsanzo chongoyerekeza ndi cha wophunzira amene akufufuza magulu atatu a banki m'khonde m'mudzi wina. Iye waona kuti amayi awiri alephera kubweza ngongole yofanana, ya K60,000 aliyense. Mmodzi gulu lamupatsa mwezi wina woti asakesake ndalamazo. Winayo anzake amupitira kunyumba, amulanda mbuzi ndi ziwiya ana ake akuona. Lamulo la gulu ndi limodzi, lolembedwa m'kope lomwelo. Funso la wophunzirayu ndi lakuti: n'chifukwa chiyani lamulo limodzi limaluma ena nkusiya ena?

Nthanthi imene ambiri amaithamangira pa nkhani ngati iyi ndi ya Robert Putnam, amene mu 1993 anafotokoza kuti maboma a zigawo za kumpoto kwa Italy ankayenda bwino kuposa a kummwera chifukwa anthu ake anali ndi mabungwe ambiri, ankakhulupirirana ndiponso ankathandizana. Kwa Putnam, ubale ndi chuma cha gulu lonse. Maganizowa amafotokoza bwino chifukwa chimene amayi opanda chikole amabwerekana ndalama. Koma pa funso la wophunzirayu alibe chonena, pakuti amayi awiri aja ali m'gulu limodzi ndipo kukhulupirirana kwa gululo n'kumodzi. Nthanthi imene singathe kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe funso likusiyanitsa si yoyenera funsolo, ngakhale itakhala yabwino kwina.

Pierre Bourdieu, katswiri wa ku France, analemba za chuma cha ubale mu 1986 koma anachiona mwina. Kwa iye chumachi ndi cha munthu payekha, chimachuluka kapena kuchepa malinga ndi anthu amene munthuyo angawadalire komanso zomwe anthuwo ali nazo, ndipo chimatha kusanduka ndalama kapena ulemu. Apa mafunso amasintha nthawi yomweyo. Mayi wokhululukidwa uja ndi ndani wa nyakwawa? Mwamuna wake amatumiza ndalama kuchokera ku Joni? Wolandidwa mbuziyo ndi mbadwa ya pamudzipo, kapena ndi mtengwa wochokera kutali amene alibe womuyankhulira? Wofufuza amayamba kufunsa za amene amapita pa maliro a yani, amene anaphika pa chinkhoswe cha yani, amene amakhala pafupi ndi msungichuma pa mkeka. Umu ndi momwe munthu amadziwira kuti nthanthi ikugwiradi ntchito: ataichotsa, mafunso a kumudzi ayenera kusintha. Ngati mafunso atsala momwemo, nthanthiyo inali chokongoletsera chabe.

Palinso njira yachitatu. Erving Goffman, m'zolemba zake za m'ma 1950, anasonyeza kuti anthu akakumana amayesetsa kuteteza ulemu wawo ndi wa anzawo kuti pasakhale wochita manyazi. Wotsatira Goffman angakhale pa msonkhano nkumvetsera momwe wangongole amapepesera, amene amayamba kudandaula gulu lisanamufunse, ndi amene amayankha mwamwano. Mwina amene amalandidwa katundu ndi wonyoza gulu pamaso pa anthu, osati wosauka kwambiri. Nthanthi imeneyi imafuna kuti wofufuza akhalepo pamisonkhano kwa miyezi ingapo, makamaka nthawi yogawana ikayandikira, pamene ngongole zonse zimafunika kubwezedwa. Amene ali ndi masabata atatu okha ocheza ndi anthu mmodzimmodzi asalonjeze za Goffman, chifukwa umboni wake saupeza. Nthawi ndi ndalama zoyendera zili ndi mbali pa kusankha nthanthi, ndipo kunena zimenezi poyera si chinthu chochititsa manyazi.

Ena amafuna kutenga nthanthi zonse zitatu kuti asaphonye kanthu. Zimenezi kawirikawiri zimabala chisokonezo, makamaka pophatikiza Putnam ndi Bourdieu, amene amagwiritsa ntchito mawu ofanana potanthauza zinthu zosiyana. Nthanthi ziwiri zimatheka pokhapokha iliyonse ikapatsidwa gawo lake la funso.

Kuteteza nthanthi pamaso pa oyesa ntchitoyo kumayamba ndi kutchula nthanthi imene yasiyidwa ndi chifukwa chake. Kungonena kuti "nthanthiyi ikugwirizana ndi kafukufuku wanga" sikuyankha kanthu. Yankho lolimba limati Putnam anaganiziridwa, koma amafotokoza kusiyana kwa magulu, pomwe funso lili pa kusiyana kwa anthu a m'gulu limodzi. Kenako oyesa amafunsa chimene chikanasonyeza kuti nthanthiyo yalephera. Wophunzira ayenera kuchidziwa asanapite kumudzi: akapeza kuti achibale a nyakwawa amalandidwa katundu mofanana ndi obwera, ndiye kuti Bourdieu sanamuthandize pamenepo. Nkhani zotsutsana ndi nthanthi siziyenera kubisidwa. Ngati m'magulu atatu aja muli mayi wa banja lodziwika amene analandidwabe malata, nkhani yake ifufuzidwe kuposa zina zonse, chifukwa ndi imene imasonyeza polekezera nthanthiyo.

Funso lovuta kwambiri ndi lakuti: maganizo obadwira ku Paris alowa bwanji m'mudzi wa ku Dedza? Funsoli ndi lachilungamo ndipo siloyenera kulizemba. Pa Bourdieu pali poyambira, pakuti kafukufuku wake woyamba anamuchitira pakati pa alimi a ku Algeria kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Komabe zimenezo sizokwanira. Wofufuza ayenera kusonyeza pamene mawu a katswiriyo akukumana ndi mawu a eni nkhani, ndi pamene akusemphana. Amayi akamati "uyu ndi wa pano" kapena "amene uja satha kukhala ndi anthu", akutchula zinthu ziwiri zosiyana: choyamba ndi kubadwira, chachiwiri ndi khalidwe. Kuziunjika zonse pansi pa dzina limodzi la chuma cha ubale n'kutaya chinthu chimene amayiwo achisiyanitsa bwinobwino. Herbert Blumer anachenjeza mu 1954 kuti mawu a m'nthanthi ndi olozera koyang'ana, osati olamula chimene munthu akaone.

Nanga wofufuza angapite kumudzi wopanda nthanthi? Barney Glaser ndi Anselm Strauss anakhazikitsa mu 1967 njira yomanga nthanthi kuchokera m'zomwe anthu anena, atafufuza za odwala oyandikira imfa m'zipatala za ku California. Njirayi si yachidule. Imafuna kusanthula zocheza zilizonse zisanachitike zotsatira, kubwerera kumudzi kukafuna anthu amene angatsutse zomwe zayamba kuoneka, ndi kusiya pokhapokha zatsopano zikaleka kutuluka. Amene wacheza ndi anthu onse m'masabata awiri nkudzasanthula zonse pamodzi atabwerera kusukulu sanatsate njirayi, ndipo oyesa amazindikira msanga akangofunsa masiku amene kucheza kulikonse kunachitika.