Nsidze zokonza pa kompyuta ziziyenda ngati zomera zokha

Nsidze zokonzedwa molakwika pa chithunzi zimadziwika msanga. Zimaoneka ngati munthu wadutsitsa khala pamwamba pa diso, mzere umodzi wakuda bii, wosalala. Cholakwika chachikulu chimakhala mayendedwe a titsitsi.

Tayang'anitsitsani nsidze yanu pa galasi. Pafupi ndi mphuno titsitsi timaima chilili ndipo ndi topatukana. Pakati timayamba kupendekera kukhutu, tam'munsi tikuloza m'mwamba, tapamwamba tikuweramira pansi, n'kumakumana. Kumapeto timagona n'kutsetsereka. Wokonza amene sanaone zimenezi asakhudze nsidze ya munthu.

Titenge chithunzi cha mkwatibwi amene nsidze yake yakumanzere ili ndi kampata pakati, pomwe pensulo sinafike. Mu Photoshop, tsegulani leya yatsopano yopanda kanthu, kuti chithunzi chenicheni chisakhudzidwe, ndipo kuzani chithunzicho kufika pa 100%. Burashi ikhale yochepa ngati katsitsi komwe kalipo kale. Pa chithunzi cha nkhope cha mamegapikiselo 24, nthawi zambiri amakhala mapikiselo 1 mpaka 3. Mu Shape Dynamics, ikani Control ya Size Jitter pa Pen Pressure ngati muli ndi cholembera cha pa tabuleti, kapena pa Fade ngati mukugwiritsa ntchito mausi. Mukatero mzere umayamba wonenepa n'kutha wosongoka, monga katsitsi kamakhalira.

Mtundu musausankhe ndi maso. Dinani Alt, mutape pa titsitsi toyandikana ndi kampatako, ndipo muzitapanso mukajambula pang'ono. Ngakhale nsidze yakuda kwambiri imakhala ndi titsitsi tofiirira ndi tina towala chifukwa cha kuunika. Pa khungu lakuda zimenezi n'zofunika koposa, pakuti nsidze ndi khungu zimasiyana pang'ono chabe, ndipo kudetsa kwambiri kumaumitsa nkhope. Yambani kutsinde, kokerani kunja motsata tinzake, tina tifupike, tina tipingasane pang'ono. Khungu lizionekabe m'mipata.

Titsitsi tojambula timatuluka takuthwa kuposa tenitenito. Gaussian Blur ya mapikiselo 0.3 mpaka 0.5 pa leya imeneyo, ndi Add Noise pang'ono, zimatifananitsa ndi chithunzi chonse.

Kusintha mtundu wokha n'kwapafupi: pakani pa leya yoikidwa pa Color ndipo tsitsani Opacity. Vuto lake ndi lakuti khungu la pakati pa titsitsi limasinthanso mtundu, choncho mukaona banga pansi pa nsidze, mwapyola. Liquify imasuntha nsidze, koma mukakankha kwambiri titsitsi timapindika ndipo khungu limatamuka.

Chimene ine ndimakana kotheratu ndi kukopera nsidze yakumanja n'kuitembenuzira kumanzere. Kuwala kumagwera mbali yolakwika, komanso palibe munthu amene nsidze zake zimafanana ndendende. Mukamaliza, chepetsani chithunzi, muzimitse ndi kuyatsa leya ija. Ngati diso likuthamangira pa nsidze, fufutaniko titsitsi tina.