Kuulula Colakwa Si Miseche

Ana inu, tiyerekeze kuti mabuku atatu asowa m'kalasi mwanu, ndipo mlandu wagwera mwana wosalakwa. Inu munaona amene anawatenga, koma ndi bwenzi lanu. Kodi muyenera kucita ciani?

Poyamba muitanireni pambali, mumuuze kuti abweze yekha. Akakana, pitani kwa aphunzitsi pamene ali okha. Nenani zokhazo zimene munaona ndi maso anu: tsiku, malo ndi cimene cinatengedwa. Zongomva kwa ena zisiyeni. Wamiseche afuna kuti mnzace alangidwe, koma woulula afuna kuti wosalakwa apulumuke.

Inunso aphunzitsi, musachule dzina la woululayo pamaso pa anzace. Akamenyedwa panjira poweruka, mawa kalasi lonse lidzatseka pakamwa.