Zotsala Pogawa Zingakuchepetsereni Mayankho

Ophunzira, pa funso losankha yankho, yambani mwachotsa mayankho osatheka musanachulukitse. Taonani ili: 347 × 26 = ?

A. 9,012  B. 9,022  C. 9,024  D. 9,202

Yang'anani kaye manambala akumapeto. 7 kuchulukitsa ndi 6 ndi 42, choncho yankho liyenera kuthera ndi 2. C wachoka.

Kenako gwiritsani ntchito 9. Nambala imagawika ndi 9 ngati manambala ake, mukawaphatikiza, akugawikanso ndi 9. Zikapanda kutero, chotsala pa kuphatikizako ndicho chotsalanso pa nambala yonseyo. Pa 347 tikupeza 14, ndipo tikagawa ndi 9 patsala 5. Pa 26 patsala 8. Tikachulukitsa zotsalazi tipeza 40, yomwe isiya 4. Yankho loona liyeneranso kusiya 4. Manambala a A akupereka 12, kutsala 3, ndiye nayenso wachoka.

Koma B ndi D onse akupereka 13, kutsala 4. Apa ndi pomwe njirayi imafookera: manambala akangosinthana malo, 9 sazindikira kanthu. Ndiye yerekezani. 350 × 26 ndi 9,100, ndipo yankho lathu liyenera kuchepera pamenepo. D wapitirira, watsala B.